Rauta ya ku Chipata ikuzungulira ku Chadiza pomwe linki ya ku Katete ilipo

"Akulu, ndimagwira ntchito ya manetiweki kuno ku Chipata ndipo ndangoyamba kuphunzira OSPF. Tili ndi linki yolunjika ku Katete, koma ndikachita `traceroute` mapaketi akuyamba adutsa ku Chadiza. Ndawerenga za Dijkstra koma mutu ukungozungulira. Kodi rauta imawerengera bwanji njira? Kapena yathuyi yawonongeka?"

Achimwene, rauta yanu ili bwinobwino, musaitaye. Vuto lagona pa mawu oti "njira yaifupi". Ife tikamva mawuwa timaganiza makilomita, kapena kuchuluka kwa malo oima. OSPF, ndondomeko imene marauta amagwiritsa ntchito posankha njira, sidziwa kuti Katete ali pa msewu waukulu wa ku Lusaka ndipo Chadiza ali chapambali. Chomwe imadziwa ndi nambala imodzi pa linki iliyonse, yomwe tiitche mtengo, ndipo njira yaifupi ndi imene mitengo yake ikaphatikizidwa ipereka nambala yochepetsetsa. Mayi wa geni pa Kapata amachitanso chimodzimodzi: akwera magalimoto awiri ngati ndalama zake zonse pamodzi zichepa kusiyana ndi galimoto imodzi.

Simunanditumizire manambala anu, choncho ndapeka netiweki yanga ya marauta asanu. Tengani pepala mujambule timizeremizere, chifukwa kungowerenga ndi maso simudzaigwira.

```
Chipata - Chadiza    2
Chipata - Mambwe     5
Chipata - Katete    10
Chadiza - Katete     3
Chadiza - Petauke   12
Mambwe  - Petauke    6
Katete  - Petauke    4
```

Mapu amenewa rauta iliyonse ili nawo, ofanana ndendende. Aliyense amalengeza za malinki ake okha mu uthenga wotchedwa LSA, anzake n'kumaupatsirana mpaka wafika ponseponse. Palibe amene amauza mnzake kuti "dzera uku". Aliyense akakhala ndi mapu amadziwerengera yekha, atadziika yekha poyambira. Ife tikhala rauta ya ku Chipata.

Papepala lanu lembani mizere iwiri. Wina ndi wa malo otsimikizika, omwe mtengo wake sudzasinthanso. Wina ndi wa malo oyembekezera, omwe tapeza njira yake koma mwina kutsogoloku kupezeka yotchipirapo. Pa malo aliwonse muzilemba zinthu ziwiri: mtengo wonse kuchokera ku Chipata, ndi mnansi woyamba amene paketi idzapatsidwe potuluka mu Chipata. Chachiwirichi anthu ambiri amachiiwala, pomwe ndicho chokhacho chimene rauta imagwiritsa ntchito potumiza paketi.

Tiyamba ndi Chipata mwini, mtengo 0, wotsimikizika. Tiyang'ana anansi ake atatu n'kuwalemba poyembekezera: Chadiza 2, Mambwe 5, Katete 10. Aliyense mnansi wake woyamba ndi iye mwini. Onani kuti linki yanu yolunjika ija yalembedwa, siinanyalanyazidwe. Yangouzidwa kuti idikire.

Tsopano lamulo lake, ndipo ndi limodzi lokha: pa oyembekezera onse tengani wa mtengo wochepetsetsa, mumusamutsire kwa otsimikizika. Apa ndi Chadiza, 2.

Tiime kaye pano, chifukwa mukamvetsa chifukwa chake tikumutsimikiza Chadiza osaona mapu onse, zotsalazo ndi kuphatikiza chabe. Dzifunseni kuti njira ina yofikira ku Chadiza ingadzere kuti. Iyenera kutuluka mu Chipata, ndipo makomo otsala ndi awiri, la ku Mambwe ndi la ku Katete. Kungoponda pakhomo la ku Mambwe mwalipira kale 5, la ku Katete 10. Zonsezi zaposa 2 ulendo usanapite patali, ndipo palibe linki imene imabweza chenji. Mtengo umangokwera. Ndiye palibe njira yozungulira imene ingagonjetse 2. Koma Katete wa 10 sitingamunenere zomwezo, poti pali makomo otchipa kuposa 10 amene sitinaone kuseri kwake. Edsger Dijkstra, katswiri wa makompyuta wa ku Holande, anaiganiza njira imeneyi mu 1956 n'kuisindikiza mu 1959, marauta asanakhaleko n'komwe, ndipo mfundo yake yonse ndi yomweyi.

Chadiza watsimikizika, tsono tisuzumire kuseri kwake. Kuchokera ku Chadiza kupita ku Katete ndi 3, kuphatikiza 2 wofikira ku Chadiza ndi 5. Papepala Katete analembedwa 10. Fufutani, lembani 5, ndipo mnansi woyamba akhale Chadiza. Apa ndi pomwe linki yanu yagonjera. Kupita ku Petauke ndi 2 kuphatikiza 12, zomwe ndi 14. Petauke sanalipo pamzere, ndiye alowa ndi 14, kudzera kwa Chadiza.

```
otsimikizika:  Chipata 0, Chadiza 2
oyembekezera:  Mambwe 5 (Mambwe), Katete 5 (Chadiza), Petauke 14 (Chadiza)
```

Mambwe ndi Katete afanana pa 5. Musavutike, yambani ndi aliyense, mayankho adzakhala omwewo. Ine nditenga Mambwe. Kuseri kwake kuli Petauke pa 6, ndiye 5 ndi 6 ndi 11. Zachepa kuposa 14, fufutani, lembani 11, mnansi woyamba Mambwe.

Kenako Katete, 5. Ali ndi malinki atatu, koma awiri akubwerera ku Chipata ndi ku Chadiza omwe tathana nawo kale, sitiwakhudzanso. Yatsala ya ku Petauke: 5 ndi 4 ndi 9. Fufutaninso 11 uja, lembani 9. Nanga mnansi woyamba mulemba ndani? Dzanja limathamangira kulemba Katete, poti tafika ku Petauke kuchokera kwa iye. Ayi. Paketi ikutuluka mu Chipata, ndipo njira ya 9 ija ndi Chipata, Chadiza, Katete, Petauke. Petauke amatengera mnansi woyamba wa Katete, yemwe ndi Chadiza, monga mwana amatengera mfunda. Mukalemba Katete, rauta iponya paketi pa linki ya 10 ija ndipo ulendo ukwana 14, osati 9.

Watsala Petauke yekha, atsimikizika pa 9, kuwerenga kwatha. Pepala lanu pa Petauke pakhala pakuda ndi zofufuta, 14, kenako 11, kenako 9, ndipo n'chifukwa chake sitinathamangire kumutsimikiza titangomuona.

Mu tebulo la njira simulowa ulendo wonse. Mumangolowa kopita, mtengo ndi mnansi woyamba. Paketi ikafika ku Chadiza, rauta ya kumeneko imayang'ana tebulo lake lomwe inawerengera payokha, ndipo poti mapu ndi amodzi, nayonso imaloza ku Katete. Pa rauta ya Cisco mukalemba `show ip route ospf` mudzaona manambala awiri m'mabulaketi, monga `[110/10]` pa njira ya ku Petauke. 110 ndi mlingo wa kukhulupirika womwe Cisco amapatsa OSPF, si mtengo. Wachiwiriyo ndiye mtengo, ndipo musadabwe akakhala 10 m'malo mwa 9: rauta yaonjezapo mtengo wa doko la ku Petauke lomwe makompyuta a mu ofesi alumikizidwako, lomwe pano ndi 1.

Yesani nokha izi madzulo ano. Tinene kuti mvula ya mu Janyuwale yagwetsa mlongoti, linki ya Chadiza ndi Katete yaduka. Marauta awiriwo alengeza LSA yatsopano, aliyense awerengeranso. Muyenera kupeza Katete pa 10 kudzera pa linki yolunjika, Petauke pa 11 kudzera ku Mambwe. Ngati mwapeza 14 pa Petauke, mwamutsimikiza msanga. Linki yanu ija, mwaona, ndi yosungira tsiku ngati limeneli.

Funso lomwe mukanayenera kudandaula nalo kwambiri ndi lakuti manambalawo anachokera kuti, chifukwa Dijkstra salakwitsa masamu koma amakhulupirira chilichonse chimene wapatsidwa. Pa Cisco, ngati palibe amene wasintha, mtengo ndi 100 Mbps kugawa ndi liwiro la doko. Doko la 10 Mbps lipeza 10, la 50 Mbps lipeza 2. Zotsalira zimatayidwa ndipo mtengo sutsika kupitirira 1, kotero doko la 100 Mbps ndi la 1000 Mbps onse amapeza 1, ngati kuti ndi ofanana. Izi zimakonzedwa ndi `auto-cost reference-bandwidth`, koma mukasintha musinthe pa marauta onse, apo ayi ena aziyeza ndi mbale yaikulu ena yaing'ono pa msika umodzi.

Choipa kwambiri kwathu kuno ndi mawailesi a pamlongoti. Zinandichitikira pa ofesi ina yomwe sinditchula. Tinali ndi faiba yabwino, ndi wailesi yakale yomwe tinaisiya kuti izithandiza faiba ikaduka. Anthu amadandaula kuti kutumiza kafayilo kamodzi mpaka tiyi kuzizira. Ndinakwera mlongoti, ndinasintha chingwe, ndinakalipira ogulitsa faiba pafoni popanda chifukwa. Tsiku lachitatu ndi pomwe ndinalemba `show ip ospf interface` n'kuona `Cost: 1` pa doko la wailesi. Rauta imaona liwiro la kachingwe kochoka pa doko lake kupita ku wailesi, osati liwiro la mumlengalenga lomwe linali lochepa kwambiri. Njira ya faiba imadutsa pa rauta ina yapakati, mtengo wake 2, ndiye wailesi ya 1 inkapambana tsiku lililonse. Mankhwala ake anali mzere umodzi pa dokolo:

```
interface GigabitEthernet0/1
 ip ospf cost 50
```

Ndinasangalala msanga. Mawa lake zinthu zinali zikadali zolemera mbali imodzi, poti ndinasintha kumbali yanga yokha. M'chitsanzo chathu ndalemba nambala imodzi pa linki kuti pepala lisadzaze, koma kunena zoona linki ili ndi mitengo iwiri. Rauta iliyonse imalengeza mtengo wa doko lake lotulukira, ndipo awiriwo sakakamizidwa kufanana. Tinene kuti ku Chipata linki yolunjika ili pa 10 koma ku Katete inasiyidwa pa 1. Popita mapaketi adzera ku Chadiza pa 5, pobwera Katete aona 1 n'kuwaponya molunjika. OSPF siona cholakwika chilichonse pamenepo, ndipo `traceroute` yanu ya ku Chipata siingakuonetseni njira yobwererayo.

Ndiye chitani izi. Lembani `show ip ospf interface` pa marauta atatu onse, Chipata, Chadiza ndi Katete, mukopere mtengo wa doko lililonse papepala, mbali zonse ziwiri. Phatikizani awiri a njira ya ku Chadiza muyerekeze ndi wa linki yolunjika. Ngati njira ya ku Chadiza ilidi ndi malinki amphamvu, isiyeni momwemo. Ngati yapambana chifukwa cha 1 wabodza wa pa doko la wailesi, konzani mtengowo ku mbali zonse, kenako mupemphe mnzanu wa ku Katete achite `traceroute` kubwera ku Chipata, inu mukuchita yanu kupita uko, muone ngati maulendo awiriwo akudzera malo amodzi.