112% pa katemera wa chikuku: ndilembe bwanji mu lipoti?

"Akuluakulu thandizeni. Chaka chathachi tabaya ana 504 katemera woyamba wa chikuku, chaka chinacho anali 470. Tageti yathu ndi 450, ndiye pulogalamu ya malipoti ya DHIS2 ikundipatsa 112%. Ndingolemba kuti tachita bwino? Komanso galafu ikukana kutuluka."

Achemwali, za galafuzo akuthandizani a kompyuta. Ine ndiyankhe za 112%, chifukwa nambala yotereyi inatipweteketsapo ana.

Amene akuti ingodulani mulembe 100%, musawamvere. Enanso akuti lembani 504 yokha poti yaposa 470, koma nambala ya obayidwa payokha siyikuuzani kuti otsala ndi angati. Ngati m'dera lanu mwabwera mabanja atsopano, mutha kubaya ana ambiri kuposa kale pamene osabayidwanso achuluka. Chofunika n'chakuti 504 yo ndi mwa ana angati, nanga ndi ana a ndani.

Ndinagwirapo ntchito pachipatala china chaching'ono kumalire a Ntcheu, kumene munthu ukawoloka msewu ndiye kuti uli ku Mozambiki. Tageti yathu ya ana osakwana chaka inali 600, ife tinabaya 690. Ndiye 115%, tinamata pakhoma, aliyense akusangalala. Patangopita miyezi yochepa chikuku chinagwa m'midzi iwiri ya kuseri kwa phiri, komwe nthawi ya dzinja sikelo yathu sinkafika. Ndimakumbukirabe mayi wina atabwera ndi ana awiri, wina kumsana wina m'manja, maso ofiira, thupi lonse zidzolo. Nditatsegula mabuku awo a kuchipatala, pa mzere wa chikuku panalibe chilichonse.

Tinakhala pansi ndi rejista, dzina ndi dzina. Mwa 690 aja, pafupifupi 140 anali a tsidya lina kapena a dera la chipatala choyandikana nacho, amayi awo ankadzera kusikelo pa tsiku la msika. Kuwabaya kunali koyenera, koma mu 600 muja iwo munalibe. Ena ngati 50 anali atapitirira kale chaka, wolemba n'kuwaika pa mzere wa osakwana chaka. Athu enieni anatsala 500, ndipo 500 mwa 600 ndi 83%. Kenako alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi makaundula a m'mudzi, n'kupeza kuti ana a msinkhu umenewo analipo pafupifupi 720. Pamenepo 500 mwa 720 ndi 69%. Ochepa mwa otsalawo anali atabayitsa kwina, koma ambiri ayi.

Tageti ija musamaiyese kuti wina anawerenga ana anu. Imachokera ku kalembera wa 2018, a ofesi ya kalembera ya NSO amayerekezera mmene anthu akuchulukira chaka ndi chaka, kenako boma lililonse limagawira zipatala zake. Pa dziko lonse imayandikira zoona, koma ikafika pa midzi khumi ndi ingapo imatha kuphonya kwambiri, makamaka kumalire, kumaesiteti, kapena komwe anthu anasamuka ndi madzi osefukira. Ikachepa imakupatsani zopitirira 100%. Ikakula imakupatsani 60% pomwe ana onse munawafikira, n'kumadzudzulidwa pachabe.

Onetsetsaninso kuti nambala ya pansi, imene mukugawa nayo, ikugwirizana ndi katemerayo. Wa chifuwa chachikulu amaperekedwa mwana akangobadwa, ndiye mumagawa ndi ana obadwa amoyo. Woyamba wa chikuku ndi wa pa miyezi 9, mumagawa ndi ana osakwana chaka amene akadali moyo. Wachiwiri ndi wa pa miyezi 15, amenewo ndi ana a chaka chachiwiri, musawaphatikize ndi oyambawo. Mukaphatikiza ndiye kuti mukuwerenga majakisoni, mwana mmodzi kawiri.

Mu lipoti lembani 112% mmene ilili, chifukwa fomu imafuna tageti ya boma. Koma pansi pake onjezerani mizere iwiri: ana ochokera kunja kwa dera ndi angati, ndipo mukagawa athu enieni ndi chiwerengero cha alangizi zikutuluka bwanji. Nenani poyera kuti nambala iliyonse mwaitenga kuti ndipo ndi ya chaka chiti. Samalani, nawonso makaundula a m'mudzi amatsalira ngati mlangizi ali ndi midzi yambiri kapena sakhala komweko, ndiye funsani kuti anawerenga liti.

Ngati nthawi yoyenda m'midzi mulibe, pali njira yosadalira kalembera. Tengani ana amene analandira katemera wa penta woyamba, wa pa masabata 6, muchotsepo amene analandira wachitatu, wa pa masabata 14, mugawe ndi a woyambawo. Zikapitirira 10% ndiye kuti ana akukuthawani panjira, ngakhale pakhoma pali 112%. Ndipo kuyambira sikelo ikubwerayi, uzani wolemba kuti mwana aliyense azimulembera mudzi ndi mfumu yake, osasiya mpatawo. Kwathu kuja mpata umenewu ndi umene unatithandiza kupeza ana 140 aja.