Khadi latha, koma ndalama zikudulidwabe: kwa ofika kumene ku Joni

Achimwene ndi achemwali ochokera kwathu ku Mangochi, mukangotsegula akaunti ku banki kuno ku Joni, pasanapite nthawi mudzalembetsa zinthu zolipira mwezi ndi mwezi, monga Netflix, Spotify kapena Google One. Ambiri akatopa nazo amati, "Khadi langa litha posachedwa, asiya okha kudula." Musadalire zimenezo. Nthawi zambiri sasiya.

Manambala monga 08/26 olembedwa pakhadi amatanthauza kuti ligwira ntchito mpaka tsiku lomaliza la Ogasiti 2026. Chimatha patsikulo ndi khadi lokha. Akaunti ilipobe, chilolezo chimene munapereka kwa kampani kuti izikudulani chiliponso.

Visa ili ndi njira yotchedwa Visa Account Updater, ya Mastercard ndi Automatic Billing Updater. Banki ikakupatsani khadi lina, imatumiza nambala ndi deti la khadi latsopanolo kwa Visa kapena Mastercard. Kampani imene inasunga khadi lakale imafunsa kumeneko lisanakwane tsiku lodula, ndipo imapatsidwa zatsopanozo inu osafunsidwa. Makampani ena sasunga n'komwe nambala yeniyeni: amasunga nambala yoyimira khadi lanu, yomwe imalumikizidwa yokha ku khadi latsopano. Musayembekezere meseji ya OTP, khodi ija imene banki imatumiza pafoni kuti mutsimikize malipiro. Mumaitsimikiza polipira koyamba, koma miyezi yotsatira kampani ndiyo imayambitsa malipiro, choncho safuna OTP ngakhale manambala atatu a kumbuyo kwa khadi. Ngakhale khadi lotayika, lomwe m'malo mwake mwapatsidwa la nambala ina, likhoza kutsatidwa chimodzimodzi. Si banki iliyonse kapena kampani iliyonse imene ili m'dongosololi, n'chifukwa chake zina zimaima khadi likatha pamene zina zimapitirira.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Namwera amene walembetsa chinthu cha R99 pamwezi, chodulidwa pa 5. Khadi latha mu Ogasiti, watenga lina, apu ya chinthucho waichotsa m'foni, mumtima wati zatha. Mu Novembala wabwerera kumudzi kukalima, n'kusiya R600 mu akaunti kuti adzapeze poyambira. Ku Malawi waika simu ya TNM kapena Airtel, ndiye mameseji a banki akupita ku nambala ya ku Joni imene ili m'chikwama. Kuchokera Disembala mpaka Epulo adulidwa kasanu, R495 yapita, osawerengera ndalama imene banki imadula pamwezi. Akaunti ikauma, kampani imayesanso kangapo, ndipo mabanki ena amalipiritsa pa kuyesa kulikonse kokanidwa chifukwa chosowa ndalama. Akadzangoikamo malipiro oyamba a ganyu, kampani ija ikhoza kutengapo nthawi yomweyo.

Choletsa chenicheni ndi kukaletsa kumene munalembetsera. Kuchotsa apu sikuletsa kanthu. Ngati munalipira kudzera mu Google Play, tsegulani Play Store, dinani chithunzi chanu, kenako Payments & subscriptions, Subscriptions, Cancel subscription. Pa iPhone ndi Settings, dzina lanu, Subscriptions. Ngati munalemba nambala ya khadi pa tsamba la kampaniyo, lowani mu akaunti yanu komweko. Mukaletsa, sungani imelo yotsimikizira, jambulaninso sikirini yoonetsa tsiku. Chitani izi musanakwere basi yopita kumudzi, nambala ya ku Joni ikugwirabe, chifukwa mukaiwala pasiwedi khodi yotsegulira imatha kutumizidwa kumeneko.

Kuti mudziwe ngati mukudulidwabe, onani sitetimenti ya miyezi iwiri kuchokera pamene munatenga khadi latsopano. Funani ndalama yofanana yotuluka pa deti lomwelo. Dzina lolembedwapo nthawi zina si la apu, limakhala la kampani yotolera ndalama. Samalaninso ndi zolipira kamodzi pachaka, chifukwa m'miyezi iwiri sizioneka.

Mukadulidwa mutaletsa kale, yambani mwalembera kampaniyo. Ikakana kapena kukhala chete, pitani ku banki ndi umboni uja, munene kuti mukutsutsa malipiro obwerezabwereza amene munaletsa. Musachedwe, malire ake nthawi zambiri ndi masiku 120. Pemphaninso kuti atsekere kampaniyo pa khadi lanu, ndipo funsani ngati angakuchotseni m'dongosolo lotumiza nambala zatsopano. Mukatero, zomwe mukuzifunabe muzikasintha nokha khadi likatha. Musanene kuti mwaberedwa pamene munalembetsa nokha: banki ingokupatsani khadi lina, ndipo kampaniyo ikhoza kulipezanso.

Za jimu, inshuwalansi ya maliro kapena foni ya ngongole n'zina. Zambiri mwa izo zimadulidwa ndi debit order, yomwe imatenga mu akaunti osadutsa pakhadi, ndiye kusintha khadi sikuzikhudza. Ndipo ngati munasaina mgwirizano wa miyezi 12 kapena 24, kutsekereza malipiro ku banki sikuthetsa ngongoleyo. Muyenera kuthetsa mgwirizanowo ndi kampaniyo molemba.