Mthunzi wa pansi pa galimoto: kusiya kapena kufufuta?

"Achimwene, ndayamba kuoda magalimoto ku Dar ndi mipando ku Joni. Ndikamadula chithunzi kuti kumbuyo kukhale koyera, mthunzi uja wa pansi ndiziusiya kapena ndizichotsa? Anzanga akuti chithunzi chaukhondo n'chopanda mthunzi."

Amwene, anzanuwo akulondola pang'ono chabe. Pansi pa katundu pamakhala mithunzi iwiri, ndipo ine ndimasiya umodzi n'kufufuta winawo. Woyamba ndi wakuda uja wa pamene tayala kapena mwendo wa sofa wagunda pansi, umene umanka nuzilala ukamatuluka kunja. Wachiwiri ndi wautali, umene dzuwa la madzulo limaponya kumbali. Wautaliwo ungathe kupita. Koma wa pansiwo musaukhudze, chifukwa ndi umene umauza diso kuti chinthuchi n'cholemera ndipo chakhala pa nthaka.

Ndinaphunzira zimenezi ndi Sienta yasiliva imene mnyamata wanga anaijambula pa yadi ina ku Dar cha m'ma 4 koloko madzulo. Pansi panali simenti yothimbirira, kumbuyo kuli mpanda wa malata ndi magalimoto a eni ake. Ndinailowetsa mu kapulogalamu ka pa foni kochotsa za kumbuyo, n'kuiponya pa WhatsApp. Mayi wina wa ku Mzuzu amene tinali titagwirizana kale kuti apereka dipoziti anangoyankha kuti, "Iyi mwaitenga pa intaneti, nditumizireni yeniyeni." Nditaiyang'ananso ndinaona zimene iwo anaona. Galimoto inali lende m'malere ngati chidole, ndipo m'munsi mwa matayala munali modyekadyeka ngati mwalumidwa ndi makoswe. Tayala ndi lakuda, mthunzi wa pansi pake nawonso ndi wakuda, ndiye pulogalamu imalephera kudziwa pamene raba wathera, imangodula zonse pamodzi.

Malonda athuwa amasiyana ndi a munthu amene ali ndi shopu ku Limbe. Kasitomala wathu amatulutsa ndalama galimoto isanafike n'komwe pa Songwe, sofa isanawoloke pa Beitbridge. Chimene ali nacho m'manja ndi chithunzi basi, ndipo anthu anaberedwapo kale ndi zithunzi zokongola. Chilichonse chooneka chomatika chimawakumbutsa zimenezo. Komanso wogula galimoto kwathu kuno amayang'ana pansi asanayang'ane penti. Akufuna aone ngati idzadutse msewu wa kumudzi nthawi ya dzinja osakhula pansi. Mpata wa pakati pa bodi ndi mthunzi ndi umene umamuonetsa kutalika kwake kuchoka pansi. Mukaufufuta mthunziwo, alibenso poyezera.

Masiku ano ndimachita chonchi, pa laputopu, ndi Photoshop kapena Photopea imene ndi yaulere ndipo imatsegulidwa pa intaneti. Pansi penipeni ndimayala tsamba loyera. Pamwamba pake ndimaika chithunzi chija kawiri, pogwiritsa ntchito Ctrl+J. Chapamwambacho ndimadula galimoto yokha mosamala, makamaka m'munsi mwa matayala, pomwe ndimakulitsa chithunzi n'kutsatira raba ndi dzanja. Chapakaticho ndi cha mthunzi. Choyamba ndimachichotsa mtundu ndi Desaturate, chifukwa mthunzi umanyamula mtundu wa pamene wagwera. Galimoto ikajambulidwa pa dothi lakatondo, mthunzi wake umakhala wofiirira, ndipo pa tsamba loyera umaoneka ngati dzimbiri likudontha. Kenako ndimatsegula Levels n'kukokera kakona koyera ka kumanja chakumanzere mpaka simenti itayera, kutsala mdima wa pansi pa galimoto. Ndikatero ndimasintha Normal kukhala Multiply. Ntchito ya Multiply n'njoti choyera chilichonse chimasowa, chakuda chokha n'chimene chimatsala, ndiye mthunzi weniweni uja umakhala pa tsamba loyera popanda m'mbali modulidwa. Zotsala, monga mpanda ndi mthunzi wautali uja, ndimazipukuta ndi burashi yofewa, Hardness ili pa 0. Mthunzi wa pansiwo ukada kwambiri ndimatsitsa Opacity kufika cha m'ma 70 kuti uzilaleko. Galimoto imodzi imanditengera mphindi 15, dzanja litazolowera.

Sienta ija nditaikonza chonchi ndinaitumizanso, pamodzi ndi chithunzi chosakonza chija cha pa yadi, mpanda wa malata uli pomwepo. Kuyambira pamenepo ndimatumiza zonse ziwiri nthawi zonse: choyera n'choitanira anthu, chosakonzacho n'chimene chimatulutsa dipoziti. Pali chinanso apa. Ngati pansi pa injini pali banga la oyilo, Levels ija imalisiya ndithu chifukwa nalonso ndi lakuda, ndipo dzanja limayabwa kuti mulipukute. Musanapukute, funsani wa pa yadi asunthe galimotoyo, aiimike pena usiku wonse, aione m'mawa. Mwina n'la galimoto ina imene inaima pamenepo, mwina n'lanu, ndipo kuli bwino mudziwe muli ndi mpata wokana kusiyana n'kukadziwira pa Chiweta.

Mipando ndiye nthawi zambiri ndimachita zosiyana. M'mashopu a ku Joni mumakhala magetsi ambirimbiri kudenga, ndiye mwendo umodzi wa sofa umatulutsa mithunzi itatu kapena inayi, uwu uku uwu uko, ndipo matailosi onyezimira amaonetsanso sofa yachiwiri chadodolido. Zimenezo sizisungika. Ndimafufuta zonse n'kujambula mthunzi watsopano: kadontho kakuda kakang'ono pansi pa mwendo uliwonse, kenako chigamba chotuwa chophwatalala pansi pa mpando wonse, chofewetsedwa ndi Gaussian Blur. Chisatuluke kwambiri kunja kwa miyendo. Kuti mudziwe ngati mwalakwitsa, onani mbali imene mpando ukuwala. Ngati kuwala kuli kumanja, mthunzi utsamire kumanzere. Ukakhala mbali imodzi ndi kuwala, munthu satha kufotokoza chimene chalakwika, koma amaona kuti pali chachinyengo. Drop Shadow yongodina kamodzi ija musaiyese n'komwe pa sofa, imazunguliza mdima m'mbali monse mpaka ku msana kwa mpando, ngati pepala lomatidwa pakhoma. Kabati kapena wadiropu yofika pansi siivuta, kamzere kakuda kopyapyala m'munsi mwake n'kokwanira. Tebulo lagalasi lokha ndinasiya kulidula, chifukwa pansi pa shopu pamaonekera m'galasimo, ndipo ntchito yake imaposa phindu.

Pomaliza kusunga m'pamene ambiri amagwera. Musasunge ngati PNG yopanda kumbuyo. Multiply imafuna chinthu pansi pake, ndipo malo ambiri otsatsira malonda amasandutsa chithunzi kukhala JPEG, imene siidziwa zoonekera mkati. Malo opanda kanthu aja amadzadzidwa ndi choyera kapena chakuda, ndipo akada, mthunzi wanu umasanduka chigamba chotuwa mozungulira matayala. Phatikizani zonse pa tsamba loyera, musunge ngati JPEG, kenako mudzitumizire nokha pa WhatsApp n'kuchiona pa foni musanatumizire kasitomala. WhatsApp imafinya zithunzi, ndipo mthunzi wofewa ndi umene umayamba kuonongeka, umaoneka mizeremizere ngati masitepe. Mukaona zimenezo, tumizani ndi HD kapena ngati Document.

Ndipo mnyamata wanu wa ku Dar mumuuze azijambula kukachita mitambo kapena galimoto yonse ili pamthunzi wa shedi, foni ili pa msinkhu wa nyali zakutsogolo. Akatero mthunzi wautali uja sukhalapo n'komwe, mumangotsala ndi wa pansi umene mukuufunawo.