Magirafu awiri a funde: piriyodi ili pati, fezi ili pati?

"Akuluakulu a pagulu pano, ndili Fomu 5 kuno ku Mufakose ndipo ndikukonzekera Fizikisi ya ZIMSEC. Magirafu awiri a mafunde aja amandionekera ofanana. Ndikawerenga piriyodi, aphunzitsi akuti ndalemba utali wa funde. Za fezi ndiye sindikumvako n'komwe. Ndithandizeni chonde."

Achemwali, musanayang'ane kupindika kwa girafu, yambani mwawerenga zomwe zalembedwa pa mzere wogona uja. Vuto lanu lagona pamenepo.

Ganizani za chingwe choyanikira zovala chomwe mwamangapo kansanza kofiira, wina n'kumachigwedeza kumapeto. Mukamayang'ana kansanza kokhako, n'kumalemba pomwe kafika mphindi iliyonse, mupeza girafu yomwe mzere wogona uli ndi t, mu s kapena ms. Imeneyi ikunena za malo amodzi okha a chingwe. Koma mukajambula chingwe chonse ndi foni kamodzi, chithunzicho ndi girafu yomwe mzere wogona uli ndi x, mu m kapena cm. Apa nthawi yaima, mukuona malo onse. Yoyamba ija imapereka piriyodi T, yachiwiriyi imapereka utali wa funde λ, ndipo simungapeze T pa girafu ya x yokha.

Ampulichudi imawerengeka pa onse awiri: kuchokera pa mzere wapakati kufika pansonga. Ngati nsonga ili pa +4 cm ndipo chigwa chili pa −4 cm, yankho ndi 4 cm. Mukalemba 8 cm, dziwani kuti mwayeza kuchokera m'chigwa.

Tiyese ndi manambala. Pa girafu ya t, mzere ukuyamba pa 0, ukufika pansonga pa 5 ms, ukudutsa pakati pa 10 ms, ukulowa m'chigwa pa 15 ms, kenako nsonga ina pa 25 ms. Kuchokera nsonga kufika nsonga yotsatira ndi 25 − 5 = 20 ms. Ana ambiri amalemba 10 ms poona kuti girafu yabwerera pa 0, koma taonani bwino: poyamba kansanza kamakwera, pa 10 ms kakutsika. Imeneyo ndi theka chabe. Piriyodi imatha kansanza kakabwerera pa malo omwewo kakuloweranso mbali yomweyo. Musaiwalenso kusintha ms: T = 0.020 s, choncho f = 1/T = 50 Hz. Mukagawa ndi 20 osasintha mupeza 0.05 Hz, malikisi apita. Ndipo ngati girafu ili ndi mafunde angapo, yezani onse pamodzi n'kugawa ndi chiwerengero chake, kulakwitsa kwa diso kumachepa.

Pa girafu ya x ya funde lomweli, nsonga zili pa 0.20 m ndi 1.00 m. Ndiye λ = 0.80 m, ndipo liwiro ndi v = fλ = 50 × 0.80 = 40 m/s.

Tsopano fezi, yomwe mwati yakukanikani. Funde limodzi lathunthu ndi 360°, kapena 2π rad. Funso ndi lakuti: malo awiriwa atalikirana gawo lanji la funde limodzi? Titenge P pa 0.20 m, pansonga penipeni, ndi Q pa 0.40 m, pomwe girafu ikudutsa mzere wapakati. Atalikirana 0.20 m, yomwe ndi kota ya 0.80 m.

Δφ = (Δx/λ) × 360° = (0.20/0.80) × 360° = 90°, kapena π/2 rad.

Pa girafu ya t njira ndi yomweyo, kungoti Δφ = (Δt/T) × 360°. Chosafunika ndi kusakaniza, mamita pamwamba masekondi pansi. Malo otalikirana λ yathunthu amayendera limodzi, a theka la λ amasiyana 180°: wina akamakwera mnzake akutsika.

Pali funso lomwe limagwetsa ngakhale ana akhama, ndipo ndikufuna mulimvetse bwino. Funde likupita kumanja. Kodi Q akukwera kapena akutsika? Diso limanena kuti akutsika, poti girafu yapendekera pansi pamenepo. Ayi. Girafu ya x si njira yomwe Q amayendamo, Q amangokwera ndi kutsika pomwe alipo. Tengani pensulo mujambulenso funde lomwelo mutalisuntha pang'ono kumanja. Muona kuti pa 0.40 m mzere watsopano uli pamwamba pa wakale. Q akukwera, chifukwa nsonga yomwe ili pa P ikubwera kwa iye. P ndiye ali patsogolo ndi 90°, ngakhale papepala akuoneka ngati watsalira kumanzere.

Mutha kutsimikiza nokha. Nsonga ikuyenda 40 m/s, ndiye 0.20 m iyenda mu 0.20/40 = 0.005 s, yomwe ndi 5 ms, kota ya piriyodi ija. Tsopano tembenuzani funde lipite kumanzere, mujambulenso, mutiuze pano kuti Q akulowera kuti.