Taitolo ya munda wa amai m'dzina la mlongo wanu

"Munda wathu wakumudzi ndi mahekitala 6, amai anausiyiridwa ndi agogo aakazi, ndipo timalimamo tonse ana anayi. Mlongo wathu amene akugwira ntchito ku Lusaka akuti autengere taitolo m'dzina lake kuti akatenge ngongole kubanki, akuti palibe chimene chisinthe. Kodi malo a mafumu ndi malo a taitolo zisiyana pati? Nanga zoti munthu amakhala mwini malo mpaka muyaya n'zoona?"

Amai, musasaine kanthu mpaka mutakhala pansi ndi amai anu ndiponso atsibweni. Sindikuti alongo anu ali ndi mtima woipa, mwina akufunadi kutukula banja. Koma mawu akuti palibe chimene chisinthe si oona. Chisintha ndi chachikulu, ndipo chikasintha sichibwerera.

Ndiyambe ndi za muyayazo chifukwa n'zachidule. Umwini wotere, umene m'mabuku a malamulo amautcha firihodi, ulipo m'maiko ena. Ku Malawi minda yambiri ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inakhala pa umwini umenewu kuchokera nthawi ya atsamunda, ndipo ku Uganda malamulo aakulu a dziko a 1995 amauvomereza pambali pa malo a makolo ndi a lizi. Mwini wake alibe chaka choti malo abwerere kuboma. Kuno kwathu ku Zambia zimenezi zinatha mu 1975, pamene boma la a Kaunda linasandutsa malo onse otere kukhala lizi ya zaka 100. Lamulo la malo la 1995, lomwe tikuyendera, likuti nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti, kuisungira anthu a dziko lino. Choncho taitolo imene alongo anu akufuna ndi lizi, kunena kuti kubwereka kwa boma, kosapitirira zaka 99. Anthu ambiri amene ali ndi mapuloti ku Kapata ndi ku Moth mu Chipata sanawerengepo pepala lawo n'kuona kuti zaka zalembedwapo.

Tsopano tione munda wanu monga ulili lero. Mukafunsidwa kuti mwini wake ndani, muyankha kuti amai. Koma taganizani bwino. Amai sangaugulitse okha osafunsa atsibweni anu. Inu muli ndi gawo lanu limene mumalima, ndipo palibe angakuchotsenimo popanda mlandu kubwalo. Ana anu ali ndi chiyembekezo chawo ngakhale sanayambe kugwira khasu. Mukakolola, ng'ombe za m'mudzi zimalowa kudya mapesi osapempha. Ngati pali njira yopita kudambo yodutsa m'mphepete, aliyense amadutsa. Anyakwawa ndiwo amadziwa malire, a mfumu ndiwo amaweruza zikavuta. Anthu onsewa ali ndi kanthu pa nthaka imodzimodziyo, wina chachikulu, wina chaching'ono, ndipo palibe zaka zowerengera. Malinga banja likulima ndi kukhala bwino ndi mudzi, munda ndi wanu mibadwomibadwo, ndipo simulipira boma lendi. Lamulo la 1995 lomwe lija limavomereza kakhalidwe kameneka, si kuti mukukhalapo mwakuba ayi.

Taitolo siidziwa anthu onsewa. Imadziwa dzina lolembedwa papepala basi. Tsiku limene satifiketi idzatuluke m'dzina la alongo anu, pamaso pa khoti ndi pa banki mwini munda adzakhala iwo okha. Inu, azing'ono anu, ngakhale amai amene, mudzakhala olima mwa chilolezo chawo. Mukadzapita kwa anyakwawa kukadandaula adzakumverani chisoni, koma mphamvu adzakhala alibe, pakuti malowo adzakhala atachoka m'manja mwa mafumu n'kukhala a boma. Ndipo lamulo silinaike njira yowabwezera kwa mafumu. Lizi ikadzatha, kapena boma likadzalanda chifukwa cha kusalipira lendi ya chaka ndi chaka kapena kusatukula malo monga mwa pangano, munda udzapita kuboma, osati kumudzi.

Ngongole ndiyo yoonekeratu. Munda ukakhala chikole, mvula n'kudula monga inachitira mu 2024, ngongole n'kulephereka, banki ili ndi ufulu wopita kukhoti n'kuugulitsa wonse, pamodzi ndi gawo lanu limene simunadyepo ngwee. Koma chimene chimandiopsa kwambiri ine si banki. Ndi maliro.

Kwa ife Achewa munda umatsata mbumba. Unachoka kwa agogo anu aakazi, unafika kwa amai, ukubwera kwa inu ndi ana anu. Alongo anu ndi nkhoswe, ntchito yawo ndi kuyang'anira, ndipo ana awo amayang'ana kwa amai awo. Lamulo la 1989 logawa chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo silikhudza malo a makolo, limawasiya kuti ayende mwa mwambo. Koma munda ukakhala pa taitolo ya munthu mmodzi umawerengedwa ngati chuma chake, ndipo lamulo limeneli limagawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi, 20 kwa makolo, 10 kwa amene womwalirayo anali kuwasunga.

Tiyike pa mahekitala anu 6. Mulungu atalikitse, koma tinene kuti alongo anu atisiya opanda wilo. Ana awo, amene mwina anabadwira ku Lusaka ndipo sadziwa ngakhale pomwe pali chulu cha m'malire, atenga mtengo wa mahekitala 3. Alamu anu atenga wa hekitala imodzi ndi kachidutswa, 1.2. Amai anu, eni munda enieniwo, alandira 1.2 monga kholo la malemu, ngati adakali moyo. Otsala 0.6 apita kwa amene anali kusungidwa ndi malemu. Inu alongo ake mulibemo, pokhapokha mutaonetsa kuti anali kukusungani. Mukhoza kukatsutsa kukhoti kuti unali munda wa banja, koma pamenepo mwayamba kale kulipira maloya ndi kukwera mabasi chifukwa cha munda umene lero mukulima mwamtendere. Ndinaziona m'banja la kuchimuna kwa mkazi wanga. Panalibe munthu woipa pachiyambi, koma mpaka lero mabanja awiri aja sadyera pamodzi pamaliro.

Kwa anzathu Achingoni a kwa Mpezeni nkhani imapepukirako pang'ono chifukwa munda umatsata kuchimuna, koma nakonso abale a mwini dzina amatsala panja.

Chabwino chake n'chakuti taitolo situluka usiku umodzi, ndipo njira yake ili ndi zipata zimene mungaimepo. Wofuna kusintha malo a makolo amayamba kwa anyakwawa, kenako kwa mfumu ya deralo, imene imasaina fomu yovomereza pamodzi ndi mapu oonetsa malowo. Kalata ya anyakwawa yokha siikwanira. Kuchoka apo mapepala amapita kukhansolo, imene iyenera kutuma anthu kudzaona malo ndi kutsimikiza kuti palibe wina amene akuphwanyiridwa ufulu, isanatumize kwa Komishinala wa Malo. Komishinala akavomera amapereka kalata ya ofa yonena ndalama zolipira. Pamapu ojambula wamba amapereka lizi ya zaka 14, ndipo ya zaka 99 imafuna kuti saveya wovomerezeka ayeze n'kukhoma mabikoni. Ndiye mukadzaona anthu achilendo ali ndi makina m'munda, kapena timiyala ta simenti tatulukira m'makona, dziwani kuti zinthu zafika patali.

Lamulo likunena poyera kuti malo a makolo asaperekedwe asanafunsidwe munthu aliyense amene zingamukhudze. Inu ndinu munthu ameneyo. Mu 1999 Khoti la Supurimu linaweruza mlandu wofanana kwambiri ndi wanu: mwana mmodzi anatenga taitolo pa malo a bambo awo osafunsa abale ake, ndipo khoti linati abalewo anayenera kufunsidwa, n'kulamula kuti maina awo alowe pa taitolo. Koma iwo anachita kufika ku Supurimu kuti zimenezi zitheke. Inu mukhoza kuzitseka ndi kalata imodzi lero.

Musandimve ngati ndikunyoza taitolo. Malo a makolo nawo ali ndi bala lake, ndipo ife a kuno tikulidziwa. Chipata ikukula, minda ya m'mbali mwa mseu wa ku Mwami ndi wa ku Lundazi yasanduka ndalama, ndipo munthu amene umboni wake ndi mtengo wa mango ndi chikumbumtima cha anyakwawa okalamba akhoza kudzuka n'kupeza gawo la munda wake lapatsidwa kwa wina. Amasiye ndiwo amavutika koposa. Makolo athu anaona kale zotere pamene kampani ya azungu inatenga nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, anthu n'kukankhidwira m'marizevu. Ndiye kufuna pepala si kupusa. Funso ndi lakuti pepala lanji, ndipo palembedwe maina a yani.

Maiko oyandikana nafe anayesa njira yapakati. Ku Mozambiki lamulo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, koma mudzi kapena munthu wokhala pamalo mwa mwambo ali ndi ufulu wotetezedwa ngakhale alibe pepala. Ku Tanzania kuyambira lamulo la 1999, ndi ku Malawi kuyambira la 2016, munthu akhoza kulembetsa munda wa makolo n'kulandira satifiketi yovomerezeka ndi boma popanda kuusandutsa lizi. Kuno mafumu ena, monga a Mkanda, a Mshawa, a Mnukwa ndi a Maguya, anagwirizana ndi bungwe loona za malo n'kuyeza minda ya anthu awo, n'kupereka masatifiketi osainidwa ndi mfumu. Pepala limeneli si taitolo, ndipo mabanki akuluakulu nthawi zambiri salilandira ngati chikole. Koma limaonetsa malire ndi maina a onse amene ali ndi gawo, ndipo munda umakhalabe m'manja mwa mudzi. Kafunseni kwa nduna ngati mfumu yanu imapereka.

Ngati banja lonse lagwirizana kuti ngongole ikufunikadi, pali njira ziwiri zimene ine ndingavomereze. Yoyamba, dulani gawo la alongo anu lokha, hekitala imodzi ndi theka, atengere taitolo pamenepo, zikavuta chipite chawocho. Yachiwiri, taitolo ituluke m'maina a nonse anayi pamodzi ndi amai, ndipo loya alembe kuti aliyense ali ndi gawo lake limene lidzapite kwa ana ake. Mukapanda kulongosola zimenezi, pali kalembedwe kena komwe gawo la womwalira limapita kwa otsala pa taitolo, ana ake n'kutsala manja lende. Dziwaninso kuti banki imayang'ana malipiro a wokongola ndi mtengo wa malo pamsika, choncho munda wa kutali ndi tala ukhoza kukhala ndi taitolo ngongole osatuluka.

Sabata ino pitani ndi amai ndi atsibweni kwa anyakwawa mukafunse ngati pali pepala lililonse limene lasainidwa kale. Ngati lilipo, lembani kalata yokana, musaine nonse, imodzi ipite kwa mfumu, ina kukhansolo, ndipo yanu aidinde ndi tsiku lake muisunge. Mukatero muwaimbire alongo anu abwere kumudzi, nkhaniyi musaikambe pafoni.