Kudikira marizati a chotupa cha m'bere

"Achemwali, anandidula kanyama pachotupa cha m'bere masabata atatu apitawo ndipo marizati mpaka pano sanatuluke. Mtima ukungothamanga, m'mimba mukutsegula, tulo palibe. Kodi kuchedwaku ndiye kuti apeza khansa? Nditani?"

Mchemwali wanga, imelo yanu ndaiwerenga katatu ndipo dzanja langa linangopita lokha pachipsera chomwe ndili nacho kubere lakumanzere. Ineyo ndinadikira masabata asanu ndi awiri. Tsiku lomwe anandidula anaika kanyamako m'kabotolo ka madzi onunkha aja, nesi analembapo dzina langa ndi bolopeni, nkundiuza kuti tikuimbirani. Basitu kuyambira tsiku limenelo foni inasanduka mdani wanga, ndinkapita nayo kubafa nditaikulunga mujumbo, magetsi akathima ndinkathamangira kwa aneba okhala ndi sola kukatchaja, nambala yachilendo ikangoimba miyendo inkachita zii ndiye ndikayankha kupeza kuti ndi munthu wosokera. Nsima ndinkangotema kawiri kukhosi kwatseka. Usiku cha m'ma 2 koloko ndinkadzuka thukuta lili kamukamu, nkuyamba kupapasa chotupacho mpaka malowo anatupa, ine nkumati eee chikukula, chonsecho ndimachitupitsa ndi zala zanga.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi anthu. Azakhali anga, munthu wondikonda ndithu, anabwera nkunena kuti ukudandaula chonchi chifukwa chikhulupiriro chachepa. Ndinalira usiku wonse poganiza kuti ndiye ndalakwiranso Mulungu. Lero ndikunena mosabisa mawu, kumuuza munthu wodikira marizati kuti osadandaula kapena kuti alibe chikhulupiriro ndi nkhanza, ngakhale wonenayo akhale ndi cholinga chabwino. Ine ndinkapemphera m'mawa uliwonse ndipo mtima unkathamangabe, chifukwa thupi likaona choopsa limatulutsa adirenalini, ndipo silisiyanitsa njoka yomwe ili pakhomo ndi nkhani yomwe ili m'mutu. Adirenaliniyo ndi amene amathamangitsa mtima, kuumitsa mkamwa, kusokoneza m'mimba ndi kuthamangitsa tulo. Kulinso ena a m'magulupu a WhatsApp omwe akangomva chotupa amayamba kukutumizira za mandimu ndi soda, kapena nkhani ya mlamu wawo amene anamwalira. Ine ndinatuluka m'magulupu awiri ndipo mpaka pano sindinabwereremo. Amene anandithandiza zenizeni anali mayi wina wogulitsa tomato pafupi nane pamsika, sanandipatse uphungu uliwonse, ankangobwera madzulo nkuti tiyeni tisankhe nyemba, tikatha nkumapita.

Za kuchedwako

Kuchedwa sikukuuzani chilichonse cha zomwe apeza. Ndinadzamva bwino pambuyo pake mmene zimayendera: kanyama kaja amakaviika mufomalini kuti kasaole, kenako amakaumitsa muphula, kukadula tizidutswa topyapyala kuposa pepala, kupaka utoto, ndiye dokotala wodziwa za zimenezi nkukayang'ana pamaikolosikopu. Madokotala amenewa kuno ku Malawi ndi ochepa kwambiri, ndipo tinyama tochokera m'maboma timayamba tayenda ulendo wopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre nkukaima pamzere. Kabwino ndi koipa komwe kamadikira pamzere womwewo. Ndiponso zotupa zambiri za m'bere sizikhala khansa, makamaka kwa amayi achichepere. Sindikulonjezani kanthu pa zanu, koma zoona zake ndi zimenezo.

Ine cholakwa changa chinali kudikira foni. Nditatopa nkupita ndekha kuchipatala kuja ndinapeza pepala langa linafika kalekale, lili mufayilo, palibe anaimba. Sinali khansa. Ndinakhala pabenchi panja buku lakuchipatala lili m'manja, miyendo ikunjenjemera kwa mphindi ngati makumi awiri, thupi silinamve msanga kuti zatha.

Ndiye inu mawa lino pitani komwe anakudulaniko ndi buku lanu, funsani ngati kanyamako kanatumizidwa, liti, ndi nambala yake, akulembereni m'bukumo pamodzi ndi tsiku loti mubwerenso, ndipo tsikulo mupite ndi munthu wina kuti akamve nawo. Chotupacho siyani kuchipapasa. Tiyi wamasamba, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zisiyeni dzuwa likapendeka, zimangoonjezera kuthamanga kwa mtima. Mtima ukayamba, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8, kakhumi, kutulutsa motalikako nkomwe kumaubweza mtima. Ngati kukhosi kwatseka imwani phala ndi madzi ambiri poti mukutsegula m'mimba. Koma bala likafiira, likamatuluka mafinya, thupi likatentha, kapena pachifuwa pakapweteka mpaka kubanika, musanene kuti ndi nkhawa chabe, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mukabwerako mawa mundilembere, ndikufuna ndimve kuti akuuzani chani.