Yambani ndi mwana mmodzi

"Ndalemba kalata yopempha thandizo la phala la ana pasukulu yathu. Ndinaikamo ziwerengero zambiri za njala, koma anthu sakupereka. Ndisinthe chiyani?"

Achimwene, chotsani kaye ziwerengerozo pamwamba. Munthu akawerenga kuti ana mazanamazana akugona ndi njala, amaona kuti kandalama kake sikangathandize kanthu, ndiye amangodutsa. Koma mwana mmodzi amatha kumuona m'maso mwake.

Sankhani mwana mmodzi amene mukumudziwa bwino. M'malo molemba kuti "ana ambiri amajomba chifukwa cha njala", lembani zimene munaona nokha: "M'mwezi wa Febuluwale, chimanga chisanache, mtsikana wina wa Sitandade 3 ankafika wopanda kanthu m'mimba. Ikamakwana 10 koloko ankagoneka mutu pa desiki. Phala litayamba, amafika msanga, kapu yake yapulasitiki ataimangirira ndi chingwe pachikwama." Kapu imeneyo ndi imene wowerenga adzaikumbukire. Musawonjezepo zimene sizinachitike, chifukwa wopereka akadzazindikira sadzakukhulupiriraninso.

Mukatero mutchule chimene mukupempha: mtengo weniweni wodyetsera mwana mmodzi teremu yonse, mowerengera kuchokera m'mabuku anu. Chiwerengero chimodzi chokha chibwere kumapeto, chosonyeza kuti pali anzake angati amene akudikira.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ulemu wa mwanayo. Pitani kwa makolo ake, muwawerengere kalatayo, avomere okha. Musinthe dzina lake, ndipo musamujambule ali ndi misozi kapena zovala zong'ambika. Mumujambule akulemba m'kope lake.